Mizere yofiira pa chimangirizo cha makuponi

Linali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Novembala, ndili Fomu 3. M'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku ndinalembamo kuti ndinali kusesa m'kalasi pamene amadamu a Sosho anandiitanira pakhomo. Anati chimangirizo changa achisankha kuti ndikachiwerenge Loweruka pa msonkhano wa makolo.

"Mfundo zilimo," anatero, "koma mawu ena akutentha. Mawa tiwaziziritsa m'kalasi. Ndipo uchimasulire m'Chichewa, makolo ambiri Chingerezi sachimva."

Ndinathokoza n'kubwerera kukasesa, koma ndinkangobwereza malo amodzimodzi.

Funso linali lakuti tifotokoze ubwino ndi mavuto a ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo m'dera lathu. Kwathu, kupitirira Nsaru, nkhani ya makuponi si yochezera. Ena amati boma likuthandiza alimi, ena amati ndi nyambo ya mavoti, ndipo munthu akangotsegula pakamwa anthu amadziwiratu chipani chake. Amayi anga anali atasiyidwa pa mndandanda wa olandira chaka chimenecho ndi chapitacho. Ine pagulu sindinkayankhula, choncho mkwiyo wonse ndinauthira papepala. Mawu akuluakulu ndinawatola m'dikishonale ya kusukulu, ndipo m'Chingerezi ankaoneka aulemu ngati ovala yunifolomu.

Pa buleki ndinayesa kumasulira ndime yoyamba. Mawu aja atavula Chingerezi anatuluka akuti mbava, adyera, opanda chisoni. Ndinaphimba pepala ndi dzanja.

Amene ndinkawanenawo anali a komiti ya m'mudzi yosankha mayina a olandira makuponi. Atcheya a komitiyo ndi amene anabwereka amayi dimba la kudambo chimwalirire abambo, osapempha kanthu. Tomato ndi mpiru wa m'dimbamo ndiye ankatisunga, ine n'kumapita kusukulu. Atcheyawo analinso m'komiti ya sukulu, ndipo pa msonkhano wa makolo ankakhala kutsogolo, moyang'anana ndi wowerenga. Dimba lobwereka mwini wake amangoti chaka chino ndilima ndekha, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lachitatu amadamu analowa ndi zolembera zofiira m'thumba la shuga. Anati aliyense asinthane pepala ndi amene wakhala naye desiki, ndipo adule mzere kunsi kwa liwu lililonse loulula kumene kuli mtima wa wolemba. Ine ndinkakhala ndi mwana wa atcheya. Tinali pa ubwenzi kuyambira ku pulayimale. Ankandiluka tsitsi patchuthi, ndipo ndiye ankandiyankhulira anyamata akamandivuta.

"Bweretsa, iwe," anatero akuseka. "Tione za anthu osankhidwa."

Ndinagwira pepala mpaka linakwinyika pangodya. Analikoka.

Lake sindinaliwerenge n'komwe. Ndinkangoyang'ana cholembera chofiira chija chikuyenda. Poyamba ankadula mizere akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Kenaka nyimbo inasiya. Atafika pa ndime yachitatu, pamene ndinalemba kuti a komiti amagawana makuponi ndi abale awo mopanda manyazi, anadinikiza mpaka pepala linabooka. Anandibwezera osandiyang'ana, n'kusuntha chikwama chake kuchiika pakati pathu.

Amadamu anatenga pepala langa kuti likhale chitsanzo. Dzina sanatchule, koma kalasi yonse inkadziwa. Analemba pabolodi m'Chichewa: A komiti adyera anabera amayi amasiye ovutika.

"Wolembayu anaona chiyani ndi maso ake?"

Kumbuyo mnyamata wina anati, "Anaona njala, Madamu!" Anthu anaseka.

Amadamu anati m'chiganizo chimodzi ndasakanizamo zinthu zitatu: zimene ndinaona, zimene ndinamva kwa ena, ndi zimene zinkandipweteka. Zimene ndinaona n'zakuti mabanja ena sanalandire. Zoti wina anaba ndinangomva, ndiye ndilembe kuti ndani akunena zimenezo, osazilemba ngati ndinagwira munthu dzanja lili m'thumba. Liwu loti adyera analifufuta, ati limenelo ndi chigamulo, pamene mlandu sunazengedwe. Anafufutanso loti ovutika. Ndinadabwa, chifukwa ndinkayesa kuti limenelo ndi labwino.

"Liwu lachisoni nalonso limakoka wowerenga pamkono," anatero. "Nena kuti ndi mabanja otsogozedwa ndi amayi, unene chimene chinawachitikira. Chisoni wowerenga achipeza yekha."

Anationetsanso kanthu kamene sindinakaone polemba. Osiyidwa akayankhula ndinkalemba kuti anafotokoza kapena anaulula. A komiti akayankhula ndinkalemba kuti ananamizira kapena anadzikometsera. Amadamu anati onse ndiwapatse liwu limodzi, loti anati. Ndondomekonso ndiitchule dzina lake lenileni, osati nyambo ya mavoti, osatinso mphatso ya boma, poti onse awiriwo ndi mayina a pamsonkhano wa chipani. Njira yoyesera, anati, ndi iyi: munthu amene ukumunenayo atamva liwulo, angavomere kuti wamutchula bwino, ngakhale asagwirizane nawe?

Poweruka mnzanga uja anatsogola. Ndinamuthamangira mpaka pa chigayo.

"Uwauza abambo ako?"

"Ndiwauze chiyani? Kuti amene amatunga madzi padimba pathu akuti ndife mbava?"

"Sindinanene iweyo."

"Wanena abambo anga. Ukudziwa kuti anthu amabwera kudzawatukwana pakhomo, ife tikudya? Unawafunsapo abambowo?" Anakonza chikwama paphewa. "Ine sindiwauza. Adzamva okha Loweruka, ndi pakamwa pako pomwepo, poti lero pakutseguka."

Madzulo amenewo ndinakhala pakhonde n'kulembanso chimangirizo chonse. Mantha ndi amene ankagwira cholembera. Ndinachotsa mbava, adyera, mopanda manyazi. Kenaka ndinachotsa komiti. Ndinachotsa mabanja osiyidwa. Ndinachotsa ngakhale dzina la dera. Chinatsala chinali chakuti ndondomekoyi ili ndi ubwino wake komanso mavuto ake, ndipo ndi bwino anthu onse kugwirizana. Ndinachiwerenga kawiri, ndinaona kuti palibe amene angakwiye nacho, ndipo ndinapuma.

Lachinayi m'mawa ndinakachipereka ku stafu. Ndinaima pakhomo manja kumbuyo, amadamu akuwerenga uku akumwa tiyi.

"Ichi n'chiyani? Chilengezo cha kutchalitchi?"

Aphunzitsi ena anaseka. Amadamu anandiyang'ana nkhope, n'kudzuka kunditengera panja, pansi pa mtengo wa keshya.

"Dzana unakondera osiyidwa. Lero wakondera amene sakufuna kuti nkhaniyi imveke. Ndinati uchotse mawu otentha, sindinati uchotse zimene zinachitika. Mabanja anasiyidwa kapena sanasiyidwe?"

"Anasiyidwa, Madamu."

"Ndiye abwezeremo. Unacheza ndi angati?"

Ndinawauza kuti ndinacheza ndi mabanja a mbali yathu, onse osiyidwa.

"Nanga a komiti?"

Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Zimene ndinalemba kuti a komiti ananena, ndinazimva pa mjigo.

"Apo ndiye pali bowo lenileni. Ungasinthe mawu onse, koma ngati wamva mbali imodzi, chimangirizo chikhalabe chopendekeka. Mwina chiwerengero cha olandira chimabwera chochepa kuchokera kumwamba. Mwina pali kukondera ndithu. Ine sindikudziwa, iwenso sukudziwa. Ukafunse."

Apa ndinawauza za dimba, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Anati sangandilonjeze kuti atcheya sakwiya, chifukwa pali anthu amene amakwiya ndi zoona ngakhale zitanenedwa mwaulemu. Anati ngati ndikuopa, asankha wina woti awerenge, ndipo sandiona ngati wolakwa. Ndiwayankhe Lachisanu.

Masana ndinapeza amayi kudimba akuthirira tomato womaliza mvula isanayambe. Ndinatenga kheni inayo. Tinathirira mizere iwiri, kenaka ndinawauza zonse, ndi mawu aja omwe.

Anaika kheni pansi. "Mbava? Walemba ndi dzanja lakoli?"

"Ndafufuta, amayi."

"Mwana wawo waona?"

"Waona."

Anayang'ana kumtunda kumene kunkaoneka malata a nyumba ya atcheya, n'kutsitsa mawu ngati kuti tomato ali ndi makutu. "Iwe mwana iwe, ukufuna tizidya pepala? Kawauze amadamu akowo asankhe wina."

Ndinavomera. Tinapitiriza kuthirira. Koma ndikutunga madzi pachitsime ndinaona kuti kusiya kuwerenga sikutipulumutsa. Mnzanga anali ataona kale, kalasi yonse inamva, ndipo ana a sukulu nkhani amafika nayo kunyumba asanavule yunifolomu. Atcheya akanamvabe, ndipo akanamva mawu oyamba aja, osati okonzedwa. Ndinawauza amayi zimenezi.

Anazula udzu pang'ono, n'kukutumula dothi kumizu.

"Ndiye ukawauza chiyani?"

Ndinawawerengera chiganizo chimene ndinakonza pa buleki, chili kuseri kwa pepala: Mabanja ena amene ndinacheza nawo anati sanalandire zaka ziwiri zotsatizana, ndipo ena mwa iwo akuganiza kuti posankha mayina pamakhala kukondera. A komiti anati... Pamenepo ndinasiya mpata.

"Anati chiyani?"

"Ndi zimene ndikufuna ndikawafunse."

"Iwe? Amene umalephera kupereka moni kwa abusa?" Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke. "Zoti sitinalandire n'zoona, zimenezo sangakane. Koma ukafika ugwade. Usakaime ngati mtolankhani. Ndipo dzina langa lisatuluke."

Ndinawauza kuti m'chimangirizo cha Sosho sititchula mayina a anthu amene tacheza nawo. Ananyamula kheni n'kubwerera kumzere.

Ndinabwerera kunyumba. Sindinkadziwa ngati atcheya andilandira, kapena ngati chaka chamawa tidzathiriranso m'dimba limenelo. Dzuwa lisanalowe ndinalemba m'kabuku kanga mafunso atatu, ndipo lililonse ndinaliyesa ngati mwini wake angalimve osaona kuti ndamuweruza kale. Loti n'chifukwa chiyani mumasiya amasiye ndinalisintha kukhala loti mayina mumawasankha bwanji. Pansi pake ndinalemba kuti mawa m'mawa ndikauza amadamu kuti ndiwerenga, ndipo tikaweruka ndikapempha mnzanga andiperekeze kwa abambo ake. Akakana, ndipita ndekha.