Mndandanda wa Che Sualehe

Ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga, kuli kachipinda kokhala ndi kompyuta imodzi, makina osindikizira amodzi ndi mipando iwiri, ndipo mwini wake ndi Che Sualehe. Anaphunzira kutayipa ali mnyamata, pa makina aja ogogoda ngati ukusula khasu, nagwira ntchito mu ofesi ina mpaka tsitsi linachita mbuu. Akazi awo anamwalira chaka cha chisanu choopsa, ana awiri anapita ku Beira, ndipo foni yawo inkalira pa Idi pokha. Anthu ankalowa m'kachipindamo ndithu, koma munthu wofuna fotokope sakhala pansi. Mpando wachiwiri uja ankaupukuta m'mawa uliwonse, fumbi n'kubwereranso.

Kunyada kwawo kunali pa mindandanda ya mabuku imene ophunzira amaika kumapeto kwa monografiya, lipoti lalikulu lija lomalizira maphunziro. Kwa zaka khumi ndi zisanu ophunzira zauphunzitsi ankawabweretsera mayina obalalika ngati nyemba zotayika, iwo n'kuwandandalika kuyambira A mpaka Z. Palibe anadandaulapo, ndiye mkuluyu anafika pokhulupirira kuti dziko lonse limayenda ndi alifabeti.

Lolemba lina mu Julayi munalowa mtsikana wa ku Lulimile, dzina lake Mariamo. Ankaphunzira udokotala ku Nampula, koma anabwera kwawo kudzalemba za kuchepa magazi kwa amayi oyembekezera. Che Sualehe anayambiratu kumutchula kuti dotora, ngati kuti udokotalawo waumaliza kale. Anapereka fulashi, nati mndandanda wake wa mapepala a kafukufuku, okwana 63, ukuoneka ngati unalembedwa ndi anthu khumi. Anawasiyira chitsanzo cha kalembedwe kofunika, kotchedwa Vancouver: dzina la makolo poyamba, zilembo za mayina ena popanda madontho, olemba akapitirira asanu ndi mmodzi ulembe asanu ndi mmodziwo kenaka "et al.", ndiyeno mutu, dzina la magazini lofupikitsidwa, chaka, voliyumu ndi masamba. Anatuluka mothamanga, amvekere akukaperekeza mayi ake kuchipatala.

Che Sualehe anaigwira ntchitoyo mokoma, mpumiro uliwonse pamalo pake. Atatha anaona kuti Tembe ali pamwamba, Abdula ali pansi, ndipo mtima unawawawa. Anati mwana wa eni ake asakachite manyazi. Anandandalika mayina onse mwa alifabeti, naika manambala atsopano kuyambira 1 mpaka 63, nasunga pamwamba pa fayilo yakale. Mariamo anangoyang'ana kukongola kwake, natumiza kwa mphunzitsi womuyang'anira.

Lolemba lotsatira anabwerera nkhope ili gwa. Mphunzitsi uja anali atabweza ntchito yonse. Pa tsamba lachinayi Mariamo analemba za magazi a amayi oyembekezera naika kanambala 12, koma pa mndandanda 12 anali kafukufuku wa njoka za m'mimba mwa ana asukulu. Mu Vancouver, nambala imatsata malo amene pepala latchulidwa koyamba m'nkhani, alifabeti ilibe nawo ntchito. Manambala onse tsopano ankaloza pa khomo lolakwika. Zikapanda kukonzedwa pofika Lachisanu, Mariamo sakanaloledwa kuima pamaso pa oyesa chaka chimenecho. Mndandanda wakale analibe kwina, unali pa fulashi pomwepo.

Mtsikanayo ankaganiza kuti kompyuta ndiyo yasokoneza, ndipo makompyuta sadziwa kudzikanira mlandu. Che Sualehe anayang'ana makinawo kanthawi, khomo lothawira lili pululu.

"Dotora, si makina ayi. Ndine. Ndinkayesa ndikukuthandizani."

Mariamo sanakalipe, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kutukwanidwa. Anangokoka mpando wachiwiri uja nakhala.

"Tio," anatero, kuwatchula malume, "tsegulani tsamba loyamba. Tiyamba ndi nambala wani."

Anayamba. Che Sualehe ankawerenga chiganizo chokhala ndi nambala, Mariamo n'kufufuza m'mapepala a mufoni yake mpaka atapeza amene anatengamo mawuwo, ndipo mkuluyo ankasuntha dzinalo kulibwezera pamalo pake. Zina zinkapezeka msanga, zina zinkadya ola lathunthu, chifukwa olemba atatu anali ndi dzina limodzi ndipo onse analemba za ayironi. Pofika pa 17 anatulukira kuti nayenso dotora anali ndi kake: anawonjezera ndime pakati pa chaputala chachiwiri, pepala latsopanolo n'kulipatsa 58 pamene linayenera kukhala 18. Ndiye manambala onse kuchokera pa 18 mpaka 57 anayenera kusuntha ndi imodzi, m'nkhani ndi pa mndandanda pomwe. Pepala lina analipatsa manambala awiri, pamene lamulo likuti likatchulidwanso libwerere ndi nambala yake yoyamba. Che Sualehe anaseka koyamba sabata imeneyo, nati mphuno imodzi silowa zala ziwiri.

Kunena zoona, masiku amenewo anali okoma kwa iwo kuposa onse chimwalirireni akazi awo, ndipo ankachita nazo manyazi. Masana ankawiritsa mbatatesi, n'kudyera limodzi pambali pa kompyuta zala zitauma ndi mphepo ya Lichinga. Mariamo ankawafotokozera chifukwa chake mayi woyembekezera amatumbuluka zikhato, iwo n'kumuuza za makina akale, pamene kulakwitsa chilembo chimodzi kunali kuyambiranso tsamba lonse. Chingerezi sankachidziwa, koma pofika Lachitatu ankazindikira mayina ofupikitsidwa a magazini aja ngati mmene munthu amadziwira mbuzi za mnansi wake. Ankafika pa ntchito molawirira atasita malaya. Kulakwa kwawo ndiko kunawagulira munthu wocheza naye, ndipo ankadziwa.

Lachinayi dzuwa litapendeka anafika pa nambala yomaliza, imene tsopano inali 62. Anabwereza ulendo wonse, Mariamo akutchula nambala ya m'nkhani, iwo akuyankha ndi dzina la pa mndandanda. Zonse zinagwirizana. Mtsikanayo anatambasula msana nafunsa ngati atumize pompo kapena adikire m'mawa kuti aonenso ndi maso atsopano.

Yankho loti adikire m'mawa, kuti adzabwerenso pa mpando uja, linali lokonzeka kale pakamwa pa Che Sualehe, ndipo silikanakhala bodza lenileni. Tsiku lomaliza linali mawa lake, ndipo m'mawa umodzi wina sukanapha munthu. Koma magetsi akhoza kuzima, netiweki ikhoza kuthawa, ndipo mwanayu anali atamuika kale pa moto kamodzi.

"Tumizani lero, dotora. Za mawa sizidziwika."

Anatumiza. Anawagwira dzanja ndi manja awiri, natenga fulashi yake. Loweruka anakwera basi ya ku Nampula.

Uthenga wa Mariamo unafika Lachiwiri masana, Che Sualehe akuchita fotokope ya chitupa cha munthu wina. "Alandira. Obrigada, tio, zikomo kwambiri." Anayamba kuyankha zambiri, za mphepo, za mayi ake a Mariamo, za kuti akadzabwera adzadutse, koma anafufuta zonse nalemba kuti Alhamdulillah.

Mwini chitupa atatuluka, anatsegula kope ya fayilo ija imene inatsala pa kompyuta. Anayamba pa nambala wani, chala chili pa galasi, kufunafuna kadontho kosowa kapena chaka cholakwika, kalikonse koti munthu angaimbire nako foni. Anawerenga mpaka 62, nabwereranso pamwamba kachiwiri. Ntchitoyo anali ataigwira bwino kwambiri, ndipo sanapeze kanthu.