Uthenga wa Achikulire Unafika kwa Woyembekezera

Chaka chimenecho ndinkagwira ntchito yotsatsa malonda ku Balaka, pa kampani ina yogulitsa inshuwalansi ya maliro kudzera pa foni. Ndinali wapakamwa, ndipo ndinkadziona ngati ndimawadziwa anthu kuposa mmene amadzidziwira eni ake.

Abwana athu atabwera kuchokera kulikulu, anajambula mizere iwiri pabolodi n'kugawa anthu a ku Balaka ndi Machinga m'magulu atatu. Achinyamata, osapitirira zaka makumi atatu, tiziwatumizira uthenga wolemba, wanthabwala, wowalonjeza mayunitsi akalembetsa. Apakati tiziwauza za kuteteza banja. Achikulire, kuyambira zaka makumi asanu ndi limodzi, ambiri sawerenga kapena maso adafooka, choncho foni iziwaimbira yokha Lachisanu lililonse, amve mawu ojambulidwa. Zaka za munthu zinkachokera pa chitupa chimene adalembetsera simu khadi yake. Nzeru yake inamveka bwino: munthu umamulankhula molingana ndi msinkhu wake.

Amene anatsutsa anali mayi wina wa kwa Mposa, yemwe ankatilembetsera makasitomala kumeneko. Iye anati foni yakumudzi ili ngati mtondo, umodzi umasinjira nyumba zinayi. Anatinso zaka sizinena chipembedzo, pakuti kwawoko ambiri ndi Asilamu, amaikidwa mu nsanda, nanga ife tikuwalonjezeranji bokosi? Ndiponso amene amathamanga maliro akagwa ndi ana, osati nkhalamba. Abwana anavomera za bokosi zokha, tinazichotsa. Zinazo anati sitingasokere munthu aliyense malaya akeake. Ine ndinaseka nawo, n'kumuuza mayiyo kuti akadakhala mphunzitsi bwenzi ana osaweruka.

Mawu a achikulire ndinalemba ndine, ndinajambulanso ndine, chifukwa ankati mawu anga ndi ofatsa. Ankati: "Mayi, bambo, tsiku silidziwika. Konzekeranitu lero, kuti otsala asadzavutike pokuikani." Kumapeto kwake kunali malangizo a nambala yodina ngati munthu akufuna kulembetsa, ndi ina ngati sakufuna kuimbiridwanso. Ndinanyada nawo mawu amenewo.

Patatha mwezi ndi theka, mayi wa kwa Mposa uja anandiimbira. Sanandipatse moni. Anati ndikwere minibasi mawa lomwe, kwawo kukununkha mlandu, ndipo mlanduwo ndi wanga.

Tinakumana pa Machinga Boma, ndipo nkhani anandifotokozera tikudikira njinga zamoto. Panali mtsikana wina woyembekezera, mimba yoyamba, ya miyezi isanu ndi itatu. Mwamuna wake anali kunyanja kokapha nsomba. Asanachoke anamusiyira foni, koma simu khadi yake adailembetsa kalekale ndi chitupa cha amayi ake, popeza chake chinali chitatayika. Amayi akewo, apongozi a mtsikanayo, anali atabwera kuchokera kwa Nsamala kudzamuthandiza kufikira atachira. Ndiye kwa makina athu, foni ya mtsikana wa zaka makumi awiri inali ya gogo. Lachisanu lililonse inkalira, mayi wosadziwika n'kumuuza kuti akonzekere kuikidwa. Akafunsa kuti ndinu yani, mawuwo ankangopitirira. Ankadula foni asanafike pa malangizo aja. Anasiya kudya bwino, miyendo n'kutupa. Abale ake atakafufuza kwa wogulitsa mayunitsi kuti nambala ya foni yakeyo ili m'dzina la yani, anamva dzina la apongozi, n'kuganiza kuti ndiwo akumuitanira imfa. Kuyambira pamenepo madzi otungidwa ndi gogoyo panalibe wowamwa.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira anthu amene sangamvetsere uthenga mpaka kumapeto. Ndili pamsana pa njinga ndinkakonza mawu owachititsa manyazi pang'ono. Nambalayo ndinali nditaichotsetsa kale pamndandanda ndi foni imodzi yopita kuofesi, ndipo ndinkaganiza kuti kwatsala kungofotokoza.

Tinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango. Amalume ake a mtsikanayo, mwini mbumba, anali pampando. Mtsikanayo anali pamphasa atatsamira mayi ake. Gogoyo anali payekha pafupi ndi nkhokwe, atafunda mpango, miyendo atatambasula. Pakati pa iye ndi enawo panali bwalo losesedwa bwino lopanda munthu.

Nditangopereka moni, mtsikanayo anabisa nkhope m'chitenje cha mayi ake. Anawazindikira mawu anga. Mawu onse amene ndinakonza aja anathawa.

Ndinafotokozabe. Ndinanena za magulu atatu, za chitupa, za makina amene amaimba okha. Ndinati gogoyo sanatipatse nambala, sadziwa n'komwe kumene kuli ofesi yathu. Amalume aja anamvetsera mpaka ndinatha, kenako anafunsa chifukwa chimene foni za atsikana ena a m'mudzimo zinkalandira nthabwala za mayunitsi, koma ya mwana wawo yekha n'kulandira maliro. Yankho linali limodzi lokha, ndipo linali loona.

"Uthengawo sunali wa mtsikanayu iyayi," ndinatero. "Unali wa agogowa."

Gogoyo anatukula mutu koyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akusankha nyemba zofumbwa.

"Ndiye kuofesi kwanuko mudakhala pansi n'kuona kuti ine ndatsala pang'ono?"

Ndinati si iwo okha, ndi onse a msinkhu wawo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti chaka chathachi adaika mdzukulu wa zaka zisanu ndi ziwiri, kaya iyeyo tidamuika m'gulu liti.

Ndinkayembekezera kuti anthu apepukidwa mtima, koma nkhope zawo sizinasinthe. Mayi ake a mtsikanayo analankhula m'Chiyao, ndipo mayi wotilembetsera uja anandinong'oneza tanthauzo lake: ngati imfa inkafuna nkhalamba, nanga idapatukira bwanji kwa mwana wawo? Ndani adaikhotetsa? Ndinazindikira kuti choonadi changa chawonjezera nkhuni. Poyamba ankati gogoyo waitanira mpongozi wake imfa. Tsopano ankati wamupatsira yakeyake.

Ndinakweza mawu, ndinalumbira, ndinatulutsa mapepala a kampani. Amalume aja anandiletsa ndi dzanja, mwaulemu ndithu.

"Tamva, mayi. Makina anu tawamva. Ife tiona mwanayu akachira."

Pobwerera mayi wotilembetsera uja sanandikumbutse za mtondo, ngakhale ndinkafuna atandinyoza kuti mtima upepuke. Anangoti gogoyo asagonenso masiku ambiri pamudzipo, chifukwa mtsikanayo akapanda kuchira bwino, palibe pepala limene lingamuteteze. M'sabata yomweyo gogoyo anakwera njinga ndi kathumba kake, kubwerera kwa Nsamala.

Kuofesi ndinalemba lipoti lalitali. Tinasintha zina: makina azifunsa kaye ngati wogwira foniyo ndiye mwini chitupa, ndipo mawu oti "pokuikani" tinawachotsa. Abwana anati gulu la achikulire likuyankha bwino ndithu, vuto la nyumba imodzi lisatisokoneze. Magulu atatu aja anakhalapobe. Masabata amenewo ndinkangodikira mwamantha kuti foni yanga ilire ndi nambala ya kwa Mposa.

Tsiku lina inaliradi. Mtsikana uja anachira bwino kuchipatala, mwana wamwamuna, wonenepa. Ndinalumpha, ndinathokoza Mulungu, ndipo ndinafunsa ngati atumiza kale uthenga kwa Nsamala kuti gogoyo abwere adzaone mdzukulu wake.

Mayi wotilembetsera uja anayankha pafonipo.

"Iyayi, achemwali. Kuno akuti wachira chifukwa gogoyo adachoka."