Chakachatha ndi Pampu ya Mlamu Wake

Pa siteji ya matakisi yoyang'anana ndi shopu ya masipeyala palibe amene amamuitana dzina lake lenileni. Onse amangoti a Chakachatha. Ndi bambo wamfupi, wadazi lonyezimira, amene wayendetsa takisi zaka makumi awiri, ndipo pa zaka zonsezo chimene anagundapo ndi geti la kwake lomwe, tsiku lina akubweza galimoto uku akukangana ndi mkazi wake. Amene amamudyetsa kwenikweni ndi anamwino anayi omwe amawanyamula m'mawa uliwonse kukawatula kuchipatala isanakwane hafu sikisi. Ena onse okwera masana ndi ongowonjezera.

Dzinali anamupatsa ndi mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake. Mlamuyo ataleka ntchito ya muofesi anaganiza zoyamba takisi, ndipo awiriwa anapitira limodzi kwa wogulitsa magalimoto oyendapo kale, chifukwa nayenso Chakachatha galimoto yake inali itatopa. Anapeza ziwiri zitaimikidwa pamodzi: kampani imodzi, dzina limodzi, ndiponso chaka chimodzi pamapepala. Kampaniyo inasintha kapangidwe chaka chili pakati. Ina inali yomaliza ya mtundu wakale, wa mphuno yafulati, umene unapangidwa zaka zisanu ndi zitatu. Inayo inali yoyamba ya mtundu watsopano, magetsi ake osongoka ngati maso a mphaka.

"Alamu, tengani yakaleyi," anatero Chakachatha. "Matenda ake onse anawapeza kale n'kuwachiza. Masipeyala ake ali mbwee, makaniko aliyense amaimasula atatsinzina, mtengonso watsikirapo. Yatsopanoyi amene akuiyesa ndi ogula oyambawa."

"Inuyo tengani yachaka chathayo," anayankha mlamuyo. "Mukufanana."

Aliyense anagula yake. Zikanathera pomwepo, koma mlamuyo anakabwereza nthabwalayo pasiteji, madalaivala onse alipo, n'kuwonjezera kuti galimoto ndi mwini wake onse kampani inasiya kuwapanga. Dzina linakakamira tsiku lomwelo. Kenako anachita chimene mlamu sachita. Anapita pakhomo pa a Sisitala, wamkulu wa anamwino aja, n'kuwakweza kuti angomva mpweya wozizira wa m'galimoto yake. Tisanamizane, galimotoyo inali yabwino: sinkamwa mafuta, mipando yofewa, m'kati muli zii. Mwezi usanathe anamwino onse anayi anasamuka.

Chakachatha sanalalate. M'mawa uliwonse ankaima pasiteji, manja m'thumba, kuonerera mlamu wake akudutsa ndi anthu ake, mlamuyo n'kumamuimbira hutala kawiri. Mkazi wake anamuuza kuti akadandaule kwa mlongo wake.

"Ndikadandaule chiyani?" anatero. "Ine ndikudikira pampu."

Anali atamva kwa makaniko wake kuti magalimoto a mtundu watsopanowo, oyamba kutulukawo, anali ndi pampu ya madzi yosalimba. Imayamba kudontha pang'onopang'ono, kenako injini n'kutentha. Kampani inakonza vutolo m'magalimoto a chaka chotsatira, koma ya mlamuyo inali ya gulu loyamba. Ndiye Chakachatha anayamba khalidwe latsopano: mlamuyo akachoka pamene anaimika, iye ankapita kukayang'ana pansi, ngati munthu wataya ndalama yachitsulo. Mwezi wachisanu anapezapo kadontho kofiirira. Tsiku limenelo anagulira mkazi wake nsapato.

Zinachitika Lachiwiri m'mawa, pa mtunda wa pafupi ndi chipatala. Nthunzi inatuluka m'boneti ya galimoto ya mlamuyo, anamwino n'kumaliza ulendo wapansi, nsapato zoyera zili fumbi lokhalokha. Anafika mochedwa, ndipo analembedwa m'buku la ochedwa.

Masana ake Chakachatha anali m'shopu ya masipeyala muja, atatsamira kauntala, akunamizira kufunsa mtengo wa mababu, pamene mlamuyo analowa thukuta lili kamukamu. Anatchula dzina la galimoto ndi chaka chake.

"Muli ndi nambala ya chasisi?" anafunsa wogulitsa. "Chaka chimenecho zilipo ziwiri."

"Ndakuuzani dzina, ndakuuzani chaka. Mukufunanso tsiku limene ndinabadwa?"

Wogulitsayo anayang'ana Chakachatha. Chakachatha anayang'ana babu lake, kulitembenuza uku ndi uku ngati muli nkhani m'kati mwake. Ankadziwa kuti pashelefu pali pampu za mtundu wakale zokhazokha. Mawu amodzi akanakwana. Anawameza, ndipo akuti anali okoma.

"Alamu," anatero mlamuyo, "galimoto zathu si chaka chimodzi?"

"Chimodzi ndithu, alamu," anayankha Chakachatha, ndipo sananame.

Wogulitsayo analoza chikwangwani choti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Mlamuyo analipira, n'kung'amba pulasitiki pomwepo kuti aonetse kuti amadziwa zinthu. Ku garaji makaniko anangoiyerekeza pa injini n'kuseka: mabowo a mabawuti sankakumana ngakhale limodzi. Pampu yoyenera inafunika kuitanitsa, nambala ya chasisi ili m'manja, ndipo inali yodikira masabata atatu.

Dzuwa lisanalowe mlongo wake anafika kunyumba kwa Chakachatha, osakhala n'komwe pampando.

"Achimwene, akuti munali pomwepo."

"Ndinkagula babu."

"Ndinu oipa mtima. Bambo a ana anga amenewo."

"Ndikudziwa. Ndi amene anandipatsa dzina. Ukawauze kuti anamwino ndiwanyamula, koma adzandipemphe okha, pasiteji."

Mlamuyo anabweradi m'mawa mwake, madalaivala onse alipo. Analankhula chapansipansi.

"Kwezani mawu, alamu," anatero Chakachatha. "Makutuwa ndi achaka chatha."

"Ndati mundigwirireko anamwino aja masabata atatu."

"Kukugwirirani? Kodi munawabereka ndinu?"

Masabata atatuwo Chakachatha ankafika pakhomo pa a Sisitala nthawi isanakwane, galimoto itapukutidwa mpaka matayala. Pa mtunda uja ankachepetsa liwiro mwadala.

"Amayi, si pano munatsikira tsiku lija? Kapena ndi patsogolopo?"

"Yendetsani galimoto, bambo inu," ankatero a Sisitala, koma anzawo kumbuyo ankaseka.

Galimoto ya mlamuyo itachira, pampu yatsopano ili m'malo, iye anapita kukatenga anthu ake. Anapeza mphuno yafulati ija itaima kale pageti, anamwino atatu atakhala m'kati. A Sisitala anatuluka ndi chikwama chawo, n'kuyang'ana magalimoto awiriwo.

"Yanuyo ndi yabwino, bambo," anauza mlamuyo. "Koma tikalembedwanso kachiwiri, kalata yochenjeza imabwera kwa ine, osati kwa mpweya wozizirawo. Muyambe mwaiyesa pa anthu ena. Ikatha chaka osatentha, tidzakambirane."

Analowa kutsogolo, n'kutseka chitseko cholimba chija kawiri, chifukwa koyamba sichigwira.

Chaka chinatha, ndipo galimoto ya mlamuyo sinatenthenso. Kunena zoona ikuyenda bwino kwambiri. Koma a Sisitala sanayambitse nkhaniyo, ndipo Chakachatha sanawakumbutse.

Pampu yolakwika ija anaigula kwa mlamu wake pa theka la mtengo, poti m'galimoto yake imakwana ndendende. Sanaimangebe, chifukwa yake sinadonthepo. Imakhala m'buti, m'katoni yake yong'ambika. Mlamuyo akaimika pafupi naye pasiteji, Chakachatha amatsegula buti, kuitulutsa, kuipukuta ndi kansalu mbali zonse mosafulumira, n'kufunsa mwaulemu:

"Alamu, nambala ya chasisi ija munailoweza tsopano?"