Labu Imodzi, Aphunzitsi Awili

Chaka chimene ndinapatsidwa nchito yokonza taimutebulo pa sukulu yathu ya sekondale ku Chelstone, ndinatsala pang'ono kuyambana ndi aphunzitsi onse. Labu tinali nayo imodzi, koma ba Kemisitili ndi ba Bayoloji onse anafuna mapiliyodi awili otsatizana Lolemba m'mawa. Ba Masamu nawo anakana kuphunzitsa masana, ati ana amakhala atagona kale m'mutu.

Ndinakwiya. Ndinadula timapepala, mtundu umodzi mphunzitsi mmodzi, n'kutimata pa bolodi ya mu stafu, chipinda cha aphunzitsi. Ndinayamba ndi labu, popeza siingagawike, ndipo zina zonse zinatsatila. Ndikaona mtundu umodzi kawili pa piliyodi imodzi, ndinkadziwa kuti ndang'amba munthu pakati.

Pamapeto panatsala kapepala kamodzi ka Kemisitili kopanda malo. Ndinauza onse kuti amene ali ndi nzelu abwele akamate yekha. Ba Bayoloji, amene sitinkapatsana nawo moni sabata yonse, anaimilila, nachotsa kapepala kawo ka Lolemba n'kukasamutsila Lachinayi.

“Ikani apo, ba sir,” anatelo. “Achule anga a mu labu angadikile.”