Foda ya malemu

Nchito ya ku Nyimba ndinaipeza chifukwa mwini wake anamwalila. Anali bambo wachikulile amene analemba yekha pulogilamu yosunga maina a odwala pa kachipatala kena ka mpingo. Ine ndinali kukonza makompyuta pafupi ndi msika wa Petauke, ndipo anesi aakulu a kumeneko anandiitana kuti ndizibwela kamodzi pa mwezi.

Seva inali kompyuta yakale ya Linux pansi pa tebulo, m'kachipinda konunkha mankhwala. Zonse za malemu zinali m'foda imodzi, mafayilo ankhaninkhani, popanda kalata yofotokoza chilichonse.

Ulendo wanga wachiwili ndinawonjezela masamba atsopano, koma pulogilamu inakana kuwawelenga chifukwa cha zilolezo. Odwala anali pamzele panja, anesiwo ataima pakhomo.

“Bambo, kodi tiyambe kulemba pamanja?” anafunsa.

“Dikilani pang'ono, amai.”

Ndinalemba lamulo losintha zilolezo, chmod -R 755, pa foda yonse. Pulogilamu inayenda, mzele unayamba kusuntha. Koma nditalemba ls kuti ndione mndandanda wa mafayilo, ndinaona maina awo onse abiliwila. Mtundu umenewo umasonyeza fayilo yokhala ndi x, chilolezo choti iyendetsedwe ngati pulogilamu. Tsopano zithunzi ndi makalata zonse zinali nacho.

Ndinachita manyazi, ndipo pofuna kufufuta cholakwacho msanga ndinalemba chmod -R 644, lamulo lochotsa x paliponse. Apo zinaipilatu. Pa foda, x ndiye chilolezo cholowela mkati, choncho ndinadzitsekela kunja pamodzi ndi pulogilamu yomwe. Anesi anatulutsa makadi a pepala.

Ndinabweza x pa foda yaikulu, kenako ndi lamulo la find ndinapatula: mafoda onse 755, mafayilo onse 644. Zinayenda bwino. Ndinakwela basi ya ku Petauke mtima uli m'malo.

Chimene sindinaganize n'chakuti mafayilo ena anali obiliwila kale ndisanafike. Malemu anawapatsa x mwadala, ndipo chizindikilo chimenecho ndicho chokha chinali kuwasiyanitsa ndi anzawo. Lamulo langa loyamba linachisokoneza, lomaliza linachichotsa. Imodzi mwa mafayilowo inali ndi dzina lakuti sunga. Tsiku lililonse masana seva inali kuiyendetsa yokha, n'kukopela maina onse pa disiki ina. Kuyambila tsiku limenelo seva inali kuyesa, n'kukanizidwa, n'kulemba dandaulo lake pamalo pamene ine sindinayang'anepo.

Panapita miyezi isanu. Mvula itayamba, malaiti anazima n'kubwela mwamphamvu, disiki ya seva inapsa. Anesi anandiimbila foni m'mawa.

“Musade nkhawa, amai, zonse zili pa disiki ina,” ndinatelo.

Nditafika ndinatsegula disikiyo. Kope lomaliza linali la dzulo lake la tsiku lija la mzele. Ndinayang'ana detilo nthawi yaitali, ndipo ndinalizindikila.

“Zabwela?” anafunsa anesi.

“Zabwela za kale. Za miyezi isanu palibe.”

“Ndi mphezi?”

Ndikanavomela, palibe akanatsutsa. Koma ndinawauza kuti mphezi inaononga disiki imodzi yokha, zinazo ndinaononga ndine. Anakhala pampando, navula magalasi.

“Maina tili nawo pa makadi ena,” anatelo. “Koma amene anatiuza manambala atsopano a foni, amene anasamuka mudzi, amene sanabwele kudzatenga mankhwala, zonsezo tinali kulemba mmenemo basi.”

Milungu itatu ndinagona kwa msuweni wanga ku Nyimba, usana wonse ndikulowetsa zimene zinali pa makadi. Odwala ena tinawapeza pofunsa amene anabwela. Ena ayi. Panali mai wina wa ku Luembe amene anayamba mankhwala m'miyezi yotayikayo. Anesi anali kukumbuka nkhope yake ndi mwana amene anabeleka kumbuyo, koma osati mudzi wake, ndipo khadi lake silinaoneke. Tsiku lake lobwela linadutsa popanda womutsatila. Sindinamve kuti zinamuthela bwanji.

Pambuyo pake ndinawelenga bwino za chmod. Pali X wamkulu. Ndikanalemba chmod -R u=rwX,go=rX poyamba pomwe, mafoda akanalandila chilolezo cholowela, mafayilo amene anali ndi x kale akanakhala nayo, enawo akanatsala opanda. Koma X ameneyo sathandiza ukawononga kale, pakuti fayilo iliyonse ikakhala ndi x iye amangoisiya choncho.

Ndinaika disiki yatsopano, ndinabweza x pa sunga, ndinaiyesa kawili anesi akuona. Ndinalembanso pa pepala mafayilo anayi oyenela kukhala ndi x, n'kumata pambali pa seva. Anesi anandithokoza mwaulemu, nandipelekeza mpaka pa geti. Mwezi wotsatila sanandiimbile, ndipo ndinamva kuti anapeza munthu wina wa ku Chipata.