Bokosi la mafunso la a Alefa

A Alefa amaluka tsitsi ku Makululu, pakhonde la nyumba imene agogo awo anamanga atachoka ntchito kumgodi. Kasitomala akachedwa, amaika kabokosi ka mafunso pa Instagram kuti azimayi alembemo zakukhosi.

Lachiwiri anafunsa kuti, "Mukubisa chiyani kunyumba?" Ine ndinalemba kuti ndimabayitsa jakisoni wolera amuna anga osadziwa, chifukwa Clive wanga sanayambe n'kuyenda komwe. Ndinkaganiza kuti bokosilo silisunga maina.

Masana ake, mlamu wanga Namwinga anandiuza akuseka kuti a Alefa amaona dzina la aliyense woyankha, ngakhale wongodina "inde" kapena "ayi" pa voti. Namwingayo anati akudikira kuti a Alefa atulutse mayankho awerenge. Namwinga sasunga nkhani, ndipo achimwene akewo, amuna anga, akufuna mwana wachiwiri chaka chino.

Ndinabereka Clive n'kuthamangira kwa a Alefa. Ndinawapeza akumasula tsitsi la mayi wina, ndiye ndinadikira mpaka mayiyo atapita kukatsuka mutu.

"Amake Clive, pumani kaye, mwana angagwe," anatero a Alefa. Anandionetsa foni yawo. Yankho langa linali pomwepo, dzina langa lili pamwamba. Kenako anadina ngati akufuna kulitumiza kwa anthu. Panatsala mawu okha, opanda dzina, opanda chithunzi.

"Dzina ndimaliona ndekha. Koma mwatchulamo Clive, ndiye yankho ili silituluka."

Ndinakhala pansi pa simenti. Iwo anatenga chipeso n'kundifunsa ngati tsiku la jakisoni wina ndikulikumbukira.