Dzina la Munthu Mmodzi pa Tiketi

Ndinasiya koleji chaka chachiwiri, ndipo sindifuna kufunsidwa chifukwa chake. Ntchito imene ndinapeza inali pa esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo, m'kachipinda ka kuseri kwa fakitale, yoyesa pulogalamu ya pafoni imene akapitawo amagwiritsa ntchito. Opopera mankhwala akamaliza munda amalemba m'foni, mundawo umaoneka wofiira, ndipo othyola tiyi salowamo mpaka masiku oikika atakwana.

Lachiwiri lililonse m'mawa tinkakhala mphindi makumi awiri kuona matiketi atsopano, kutanthauza madandaulo a zimene zavuta mu pulogalamu. Tiketi iliyonse inkayenera kutuluka ndi zinthu zitatu: kukula kwa vuto, mwini wake wolikonza, ndi tsiku lomalizira. Sabata imeneyo abwana athu anali kumaliro ku Khonjeni, ndiye anandisiyira ine msonkhanowo. Tinatsala atatu: ine, mtsikana wina wopanga maonekedwe a pulogalamu, ndi bambo wachikulire wa ku Makwasa, mkulu wa mpingo wa Sabata, amene analemba mbali ya pulogalamu yotumiza zinthu ku seva, kompyuta yaikulu imene mafoni onse amatengako uthenga.

Matiketi awiri oyamba sanachedwe. Batani lobisika pa mafoni aang'ono ndinapatsa mtsikanayo, kuti amalize Lachisanu. Ya manijala wa esiteti, yodandaula mtundu wa zilembo pa lipoti, ndinaiika pansi penipeni ngakhale analemba kuti ndi yachangu. Manijala chilichonse kwa iye n'chachangu.

Tiketi yachitatu inachokera kwa kapitawo wa munda wa kudambo. Anati anapopera, analemba, koma m'mawa mwake foni ya mnzake, kapitawo wa othyola, inkaonetsabe munda wobiriwira, ndipo anachita kuthamanga kukabweza anthu atayamba kale kuthyola. M'gulu limenelo mumathyola mlongo wanga. Kupopera kwina kudamboko kunali Lolemba lotsatira.

Nditafufuza ndinapeza matiketi ena awiri akale onena zomwezo. Onse pa malo a mwini panalembedwa kuti "tonse", pa tsiku panalibe kanthu, ndipo anatsekedwa ati vuto silikuoneka. Lingaoneke bwanji mu ofesi momwe netiweki ili tho? Ndinazimitsa netiweki pa foni yoyesera, ndinalemba kuti ndapopera, ndinatseka pulogalamu, n'kuyatsanso netiweki. Ku seva sikunafike kanthu, foni osadandaula n'komwe. Ndinaphatikiza matiketi atatuwo kukhala imodzi, n'kuiika pamwamba.

Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti ndinadziwa komwe "tonse" ankachokera. Mbali imeneyo inali ya bambo aja, ndipo palibe ankafuna kuloza munthu wamkulu pamaso pa ana. Ulemu wathuwu umakoma pamaliro ndi paukwati. Pa tiketi umasiya anthu akuthyola masamba onyowa ndi mankhwala.

Mtsikana uja, maso ali patebulo, anati mwina tilembe kuti tiona limodzi.

"Ayi," ndinatero. "Bambo, iyi ndi yanu. Ndikulemba dzina lanu. Lachisanu."

Ndinkayembekezera kuti akwiya. Anavula magalasi, anapempha foni, n'kubwereza okha zonse zimene ndinachita. Kenako anati dzina ndilembe ndithu, cholakwacho n'chawo. Koma tsiku analikana.

"Mphwanga, Lachisanu ndikhala ndikunama. Kukonza ndi masiku awiri, koma kuyesa kumafunika kudambo komweko, ndipo mafoni a akapitawo amalandira zatsopano akabwera kufakitale. Dzuwa likalowa Lachisanu ine sindigwira kompyuta, ukudziwa. Lemba Lachitatu la sabata ya mawa."

Ndinawauza mosanyengerera kuti Lachitatu ndi pambuyo pa Lolemba, ndipo mlongo wanga sathyola tiyi ndi kalendala yawo. Anavomera. Anati n'chifukwa chake pakufunika tiketi ina, ya chochita podikira: wina aonetsetse kuti opopera akamaliza Lolemba akwera pamtunda pomwe pali netiweki, atsegula pulogalamu, ndipo munda wafiira pa foni ya kapitawo wa othyola.

"Nanga imeneyo mwini wake ndani?" anafunsa. "Tonse?"

Mtsikana uja anaseka. Ine sindinaseke. Ndinalemba dzina langa, tsiku Lolemba, ndipo msonkhano unatha titapitirira ndi mphindi zinayi.

Ndinabwera ndikuganiza kuti kuika tsiku lapafupi ndiye kuikirapo mtima pa ntchito. Ndikanawakakamiza Lachisanu, mwina akanavomera ndi ulemu womwe uja, ine n'kukhala phee ndikukhulupirira tsiku labodza, Lolemba osapita kulikonse.

Lolemba ndinatsetsereka kudambo wapansi. Ndinadikira opopera, ndinakwera ndi kapitawo wawo mpaka pamtunda pa mabulugamu pomwe pali netiweki, ndinaona munda ukufiira pa foni yake ndi ya kapitawo wa othyola. M'mawa mwake gulu la mlongo wanga linatumizidwa kumunda wa kumtunda. Iye anangodandaula kuti n'kutali.

Bambo aja anatseka tiketi yawo Lachitatu masana. Pulogalamuyo ndinakaiyesa ndekha kudambo ndisanavomereze.